Nambala inapita, imelo inatsekedwa: kubweza akaunti ya Google

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje amene foni yake inabedwa chaka chatha. Wagula ina, koma pasiwedi ya Gmail waiwala. Google ikuti itumiza kodi ku nambala yakale ija, kapena ku imelo ya kuntchito kumene anasiya kalekale. Zonse ziwiri alibe, pamene manambala a makasitomala ake ali mu akauntimo.

Ayambe wapita ku shopu ya kampani ya foni, kaya Airtel kaya TNM, atatenga chiphaso cha unzika. Ngati nambalayo ikadali m'dzina lake, ampatsa simukhadi ina ndipo nkhani yathera pomwepo. Koma nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaipereka kwa munthu wina.

Zikatero, yatsala njira imodzi, tsamba la g.co/recover. Kumeneko kulibe munthu womufotokozera mavuto. Ndi makina amene amayesa ngati wogogodayo akufanana ndi mwini wake, ndipo amaona chipangizo, malo ndi mayankho. Apa ndi pamene ambiri amaluzira. Amathamangira kukabwereka foni ya mnzawo kumsika, chonsecho kwa Google chipangizo chachilendo pamalo achilendo chimaoneka ngati cha wakuba. Mayiyu ali ndi laputopu yakale imene ankatsegulira imeloyo madzulo. Agwiritse ntchito yomweyo, pa bulawuza yomweyo, ali kunyumba kwake, ndipo asayambe wafufuta mbiri ya bulawuzayo poganiza kuti akukonza zinthu. Mwina angapeze kuti pasiwediyo inasungika momwemo.

Tsambalo likapempha kodi ya pa nambala yakale, adine "Try another way". Likafunsa pasiwedi yomaliza imene akukumbukira, alembe ngakhale yakale. Kulakwitsa sikumuchotsa pamzere, ndipo kuyesa kumaposa kudumpha funso. Likapempha imelo yoti amuyankhirepo, apereke imene angathe kuitsegula lero. Yankho limatha kutenga masiku angapo, makamaka ngati akauntiyo inali ndi chitetezo cha magawo awiri.

Njirayi ili ndi malire ake. Makina akakana, kutumiza chithunzi cha chiphaso sikuthandiza, chifukwa potsegula Gmail wamba simupereka chiphaso. Google ilibenso nambala yoimbira pofuna kubweza akaunti, choncho aliyense wolonjeza kukutsegulirani mukamulipira ndi wakuba basi. Zimandipweteka kuona munthu wotaya akaunti akutayanso ndalama. Kuzengereza nakonso n'koopsa: kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka 2 osatsegulidwa.

Mukalowa, ikani nambala ndi imelo zatsopano tsiku lomwelo. Ngati mwayatsa chitetezo cha magawo awiri, tengani "Backup codes", makodi 10 a manambala 8 iliyonse, muwalembe papepala n'kuwasunga pamodzi ndi makalata anu ofunika.