Chitopa: Katemera Amagwira Ntchito Ngati Waperekedwa pa Nthawi Yake

Nyengo yotentha ikangoyamba, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mtengo wa nkhuku m'misika ya kumidzi umatha kutsika mwadzidzidzi. Wogula wosadziwa amasangalala kuti wapeza tambala wotchipa. Mlimi wodziwa amabwerera m'mbuyo, chifukwa nkhuku zikachuluka pamsika n'kumagulitsidwa motaya chonchi, kawirikawiri ndiye kuti kwinakwake kwagwa chitopa ndipo eni ake akuthamangira kugulitsa zotsala zisanafe. Tambala uja akafika pakhomo n'kusakanikirana ndi nkhuku zina, sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti khola lonse liyambe kugwa.

Chitopa, chimene ena amachitchula kuti chideru, ndi matenda oyamba ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi. M'mabuku a zaziweto ndi pa mabotolo a katemera amalembedwa kuti Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene anaonekera mu 1926, chaka chomwenso anapezeka pa chilumba cha Java ku Indonesia. Kachilomboka kamatuluka m'zitosi, m'mamina ndi mu mpweya wa nkhuku yodwala. Kamayendanso pa nsapato, pa matayala a njinga, m'madengu onyamulira nkhuku ndi pa mathireyi a mazira. Nkhanga ndi nkhunda nazo zimadwala, pamene abakha amatha kukanyamula osaonetsa chizindikiro chilichonse.

Nkhuku ikatenga kachilomboka siidwala tsiku lomwelo. Pamapita masiku 2 mpaka 15, nthawi zambiri asanu kapena asanu ndi limodzi, ikuoneka yabwinobwino. Kenako imayamba kuzyolika, mapiko ali lende ngati yavala jekete, nthenga zitanyankhalala, kudya itasiya. Imapuma movutikira kukamwa kuli yasa, imatsokomola, ndipo zitosi zake zimakhala zamadzi zobiriwira. Mtundu woopsa wa kachilomboka ukalowa m'khola losatemera umatha kupha nkhuku pafupifupi zonse, zina zimangopezeka zafa m'mawa zisanaonetse n'chizindikiro chomwe.

Khosi lopindika, limene anthu ambiri amadziwira chitopa, limabwera mochedwa. Kachilombo kakafika ku ubongo ndi m'mitsempha, nkhuku imanjenjemera, miyendo kapena mapiko zimalefuka, imazungulira pamalo amodzi, ndipo mutu umatembenuka mpaka mlomo kuloza kumwamba. Zimenezi zimaoneka kwambiri pa nkhuku zimene zapulumuka masiku oyamba a mliri. Choncho mlimi amene akudikira kuona khosi lopindika kuti atsimikize kuti ndi chitopa amakhala atachedwa kale.

Kwa woweta nkhuku zoikira, chizindikiro choyamba chimakhala m'thireyi. Khola limene limatulutsa mazira ambiri tsiku lililonse limatsika kwambiri m'masiku ochepa, mwina kusiyiratu. Mazira ochepa amene akuikiridwawo amakhala ndi chikamba chofewa kapena chokhakhala, ena opindika, ofiirira aja amayezuka, ndipo ukaswa limodzi choyera chake chimayenderera ngati madzi. Kachilomboka kamawononga njira imene dzira limapangikira m'thupi mwa nkhuku, motero ngakhale nkhuku zitachira pamatenga masabata angapo kuti ziyambirenso, ndipo zina sizibwereranso mwakale. Chakudya chimakhala chikugulidwabe nthawi yonseyo.

Mankhwala ochiza chitopa kulibe. Tsabola, phulusa ndi makapisozi a anthu amene ambiri amasungunulira m'madzi a nkhuku sizipha vairasi. Nkhuku imodzi kapena ziwiri zikapulumuka, zimakhala zapulumuka ndi mphamvu ya thupi lake, koma ulemu umapita kwa tsabola, ndipo chaka chotsatira banja lomwelo limadaliranso tsabola. Chimene chimateteza ndi katemera, ndipo amateteza nkhuku yathanzi imene matenda sanaigwire.

Kwa nkhuku za lokolo zoyendayenda pamudzi, katemera woyenera kwambiri ndi wotchedwa I-2. Anapangidwa koyamba ku yunivesite ya Queensland ku Australia ndi cholinga choti athandize alimi a kumidzi kumene kulibe mafiriji, ndipo ku Malawi amapangidwa ku labotale yaikulu ya boma ya zaziweto ku Lilongwe. Kapatsidwe kake n'kosavuta: dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku iliyonse, kaya ndi mwanapiye woswedwa dzulo kaya ndi tambala wamkulu. Wina amagwira nkhuku n'kupendeketsa mutu wake, wotemera amaimika botolo chozondotsa n'kudontheza, ndipo amadikira kuti nkhuku iphethire dontholo lilowe asanaitaye. Dontho likagwera pa nthenga, nkhukuyo sinatemeredwe, ayenera kubwereza. Ntchitoyi imayenda bwino m'mamawa nkhuku zisanatsekuliridwe, pamthunzi.

Anthu akamva kuti I-2 amapirira kutentha, ena amaganiza kuti akhoza kumuika m'thumba la malaya tsiku lonse. Muli kachilombo kamoyo kofooka, ndipo dzuwa limakapha. Malo ake ndi m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, osati mouma madzi. Pa ulendo wa kumudzi botolo limakulungidwa m'kansalu konyowa n'kuikidwa m'kadengu kolowa mphepo, ndipo likatsekulidwa liyenera kutha m'masiku ochepa amene alembedwa pa pepala lake.

Nkhani yaikulu ili pa kalendala. Nkhuku ikalandira dontho, thupi lake limatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti lipange chitetezo, ndipo chitetezocho chimayamba kutsika pakatha miyezi inayi. N'chifukwa chake alangizi amati katemera aperekedwe katatu pa chaka, ndipo m'madera ambiri amasankha Marichi, Julayi ndi Novembala. Wa Julayi ndiye wofunika koposa, pakuti amafika nyengo ya chitopa isanayambe.

Tiyerekeze banja limene lili ndi nkhuku 20, ndipo latemera zonse mu Julayi. Mu Ogasiti nkhuku zitatu zafungatira, patatha masiku 21 iliyonse yaswa anapiye 8. Tsopano pakhomo pali nkhuku 44, koma 24 mwa izo sizinaonepo dontho. Anapiyewo amatengako chitetezo kwa make kudzera m'dzira, koma chimatha pakapita masabata atatu kapena anayi. Pofika Okutobala, dzuwa lili phwee ndipo matenda ali m'mudzi woyandikana, nkhuku zoposa theka la khola zilibe chitetezo. Banjalo likadumphanso katemera wa Novembala poganiza kuti linatemera kale chaka chino, pofika Khirisimasi ngakhale nkhuku zazikulu 20 zija zimakhala zili poyera. Chitopa chikafika, mwini wake amadandaula kuti katemera uja anali wabodza, pamene katemerayo anagwira ntchito yake kwa miyezi imene anayenera kugwira. Mlimi wosamala amatemera anapiye oswedwa pakati pa nyengo akangopeza mpata, ndipo nkhuku yogula kapena yopatsidwa amaisunga payokha masabata awiri asanaiphatikize ndi zinzake.

Vuto lina limabwera pamene mudzi wathamangira katemera nkhuku zitayamba kale kufa. Zambiri mwa zimene zikuoneka zathanzi zimakhala zili kale ndi kachilombo m'thupi, ndipo zimafa patangopita masiku awiri kapena atatu zitalandira dontho. Apa ndi pamene pamabadwira mphekesera yoti katemera amapha nkhuku, ndipo mphekeserayi imapweteka kwambiri chifukwa ulendo wotsatira anthu amabisa nkhuku zawo. Wotemera wodziwa ntchito amafunsa kaye ngati pakhomopo pafa nkhuku posachedwa, ndipo ngati zafa salowa, pakutinso iye mwini akhoza kunyamula matendawo m'manja ndi ku mapazi kupita nawo khomo lotsatira. Popeza nkhuku za pamudzi zimadyera limodzi kudzala ndi kuseri kwa nkhokwe, phindu limakhala lalikulu mudzi wonse ukatemera sabata imodzi.

Oweta nkhuku zachizungu m'makola otseka amatsata ndandanda yothithikana kuposa pamenepa, ndipo amagwiritsa ntchito kwambiri akatemera otchedwa Hitchner B1 ndi LaSota, amene safuna kuchoka m'firiji mpaka nthawi yowagwiritsa ntchito. Ndandanda zimasiyana malinga ndi kumene anapiye agulidwa, koma kawirikawiri woyamba amaperekedwa m'sabata yoyamba, wachiwiri cha pa masabata atatu pamene chitetezo chochokera kwa make chikutha. Nkhuku zanyama zimathera pomwepo, popeza zimagulitsidwa zili ndi masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Zoikira zimabwerezedwa zikamakula, zimabayidwa jakisoni cha pa masabata 16 mpaka 18 zisanayambe kuikira, kenako zimalandira LaSota miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Wogula anapiye afunse wogulitsa ngati analandira kale katemera woyamba, ndipo alembe masikuwo pa khoma la khola.

M'makola otere katemera amaperekedwa kwambiri m'madzi akumwa, ndipo ndi m'madzimo mmene zinthu zimalakwikira. Madzi a pampopi a m'tauni ali ndi klorini, amene amapha kachilombo ka katemera nkhuku zisanamwe. Pamafunika madzi oyera opanda mankhwala, m'ziwiya zotsukidwa bwino zopanda sopo wotsalira. Mwachitsanzo, anapiye 500 a masabata atatu amafuna pafupifupi malita 10. Mlimi amawachotsera madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti amve ludzu, amasungunula magalamu 20 a mkaka waufa wopanda mafuta m'madzi aja kuti uteteze katemera, kenako amatsekulira kabotolo m'kati mwa madzimo n'kutakasa. Zomwera zikhale zambiri kuti anapiye ofooka asapanikizidwe ndi anzawo, ndipo madzi onse athe pasanathe maola awiri. Otsala sasungidwa kuti agwire ntchito mawa. Wogwira katemera asambe m'manja asanadzikhudze kumaso, chifukwa kachilomboka kamatha kufiiritsa maso a munthu kwa masiku angapo.

Katemera ali ndi malire ake. Wa chitopa sateteza ku gumboro, nthomba ya nkhuku kapena njoka za m'mimba, ndipo nkhuku yotemeredwa ikhoza kutengabe kachilombo n'kukafalitsa ngakhale iyo isafe. Chimfine cha mbalame nachonso chimaoneka mofanana kwambiri ndi chitopa, moti ndi labotale yokha imene ingasiyanitse motsimikiza. Nkhuku zikayamba kufa motsatizana, zodwala zipatulidwe, zakufa zikwiriridwe mozama kapena kuwotchedwa, pasatuluke nkhuku yopita kumsika kapena kwa achibale, ndipo mlangizi wa ziweto wa m'deralo adziwitsidwe tsiku lomwelo. Kumene nkhuku zikadali zathanzi, mlangizi yemweyo ndi amene angauze mlimi tsiku la katemera wotsatira ndi kumene botolo la I-2 likupezeka.