Nkhope ya Mwini Sitolo pa Chikwangwani: Chotenga ndi Chotaya

Pa malo odyera a KFC, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka, pamakhala nkhope ya nkhalamba ina. Ndi Harland Sanders, munthu wa ku America amene anayambitsa bizinesiyi. Anamwalira mu 1980, koma mpaka lero nkhope yake ikugulitsabe nkhuku. Mukaiyang'anitsitsa mupeza kuti pali zinthu zochepa kwambiri: tsitsi loyera, magalasi, kandevu ka pachibwano, ndi tayi wopyapyala womangidwa ngati kalibani. Makwinya ambiri ndi mithunzi ya pakhungu anazitaya. Luso lotenga chithunzi cha mwini sitolo n'kupangamo chizindikiro cha bizinesi lagona pamenepo, podziwa chotenga ndi chotaya.

Ambiri amangodula mutu pa chithunzi cha m'foni, kuuika m'kabwalo, n'kulemba dzina pansi. Pa foni zimaoneka bwino. Vuto limatulukira tsiku lopanga chidindo kapena lodinda matisheti, chifukwa kumeneko inki imakhala ya mtundu umodzi kapena iwiri, pomwe chithunzi chili ndi mithunzi yosawerengeka. Nkhope imangosanduka chidontho chakuda. Chizindikiro chenicheni chimayenera kuzindikirika chikakhala chaching'ono ndiponso chikadindidwa ndi inki imodzi yokha.

Tiyerekeze mayi amene amapera chiponde n'kumagulitsa m'mabotolo. Akufuna nkhope yawo pa kapepala komata pa botolo, pa chidindo cha malisiti ndi pa chikwangwani. Ntchito imayamba ndi chithunzi chomwe. Awajambule ali pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera mbali imodzi, kumbuyo kuli khoma loyera. Dzuwa la paliwombo silithandiza chifukwa limaika mdima m'maso ndi pansi pa mphuno. Wojambula aime patali pang'ono, mwina mamita awiri, popeza foni ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno n'kubisa makutu. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document, chifukwa njira ya masiku onse imachepetsa chithunzi n'kufufuta tizinthu ting'onoting'ono ta m'maso ndi pakamwa.

Musanagwire pensulo, funsani makasitomala awiri kapena atatu funso ili: mukamalondolera mlendo kwa mayiwa, mumati ndi otani? Mwina ayankha kuti, "Aja a duku lomangira kutsogolo, ovala magalasi, a mpata m'mano." Chizindikiro chanu ndi chomwecho, anthu akujambulirani kale ndi pakamwa. Zinthu zitatuzi ndizo muzikulitse pang'ono, zina zonse muzichepetse. Ndolo, maluwa a pa bulauzi ndi mizere ya m'khosi zisiyeni pa chithunzi. Koma funsaninso eni ake, chifukwa chimene anthu amawadziwira nacho nthawi zina n'chimene iwo safuna kuti chionekere.

Pa kompyuta, chithunzi chimayamba chachotsedwa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera. Mu pulogalamu yaulere ya GIMP muli chida cha Colors > Threshold, chimene chimayeza kuwala kwa kadontho kalikonse kuyambira pa 0, mdima weniweni, kufika pa 255, kuyera kwenikweni. Malire amayambira pakati, cha pa 128: chapansi chonse chimada, chapamwamba chimayera. Apa ndi pamene nkhope zathu zimavutikira. Khungu lakuda nthawi zambiri limagwera pansi pa malirewo, ndipo mumangotsala ndi mano ndi maso. Tsitsani malirewo pang'onopang'ono mpaka chipumi, msana wa mphuno ndi masaya ziyambe kutuluka. Njira ina yabwino koposa ndi Colors > Posterize, kuika pa 3, kuti nkhope igawike patatu: pakuda, pakatikati ndi powala. Mukatero khungu la mayiwa limakhala ndi mtundu wakewake, osati kuwayeretsa mpaka achibale awo kuwakana.

Zimene kompyuta yatulutsazo ndi mapu chabe osonyeza pamene pali mthunzi. Nkhope yeniyeni ijambulidwe ndi dzanja pamwamba pake, kaya ndi pepala lopyapyala ndi cholembera chonenepa, kaya ndi chida chojambulira mizere mu Inkscape kapena CorelDRAW. Inkscape ili ndi Path > Trace Bitmap, imene imatsata chithunzi yokha, koma ukaipatsa nkhope yosakonza imatsata chilichonse, ziphuphu ndi thukuta lomwe, ndipo mizere yake imatuluka yonjenjemera. Imagwira bwino ntchito ikapatsidwa chojambula chapamanja chimene chayeretsedwa kale. Posamala kwambiri ndi pa mtunda wa pakati pa maso, kupindika kwa nsidze ndi ngodya za pakamwa. Pamenepo mukasuntha pang'ono chabe, mwajambula munthu wina.

Kenako pamabwera masamu amene ambiri amawaiwala. Tinene kuti mwajambula nkhope yotalika masentimita 20, koma pa chidindo idzakhala masentimita 2. Ndiye kuti chilichonse chidzachepa kakhumi. Mzere wa milimita imodzi udzakhala 0.1, ndipo inki singausunge. Kuti pa chidindo mzere ukhale wa 0.3 kapena kuposerapo, pa pepala uyenera kukhala wa mamilimita 3 kapena kuposa. Mipata yoyera nayo imafuna kukulitsidwa, chifukwa inki imafalikira n'kuitseka. Mpata uja wa m'mano a mayiwa uyenera kukhala waukulu kuposa mmene ulili pa chithunzi, ndipo mano enawo asalekanitsidwe limodzilimodzi, akhale malo amodzi oyera. Magalasi akhale mizere iwiri yonenepa, duku likhale ndi mapindo atatu okha.

Kuyesa n'kosavuta. Dindani chizindikirocho pa masentimita 2 ndi inki yakuda, ndipo musalembepo dzina. Muonetseni munthu wa pamsika womwewo. Akanena msanga kuti, "Awatu ndi amayi a chiponde aja," ntchito yatheka. Akayamba kuchitembenuza n'kumachiyandikitsa kumaso, bwererani mukachotse zina. Chiyeseninso choyera pa nsalu yakuda. Mukangotembenuza mitundu, maso ndi mano zimada ndipo nkhope imaopsa, choncho ikani nkhopeyo m'kabwalo koyera kuti mitundu yake isasinthe.

Ngati mayiwa akufuna kamunthu kojambula kamene kazipatsa moni pa zotsatsa malonda, mutu womwewo umapatsidwa thupi laling'ono. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka, pomwe kamunthu kotere kamakoma kakatalika mitu iwiri kapena itatu. Manja ndi nkhope zingasinthe, koma duku, magalasi ndi mpata uja zisasinthe.

Pomaliza pali za fayilo ndi za umwini. Musalandire JPG yokha. Pemphani SVG kapena PDF ya vekita, yomwe imasunga mizere osati timadontho, kotero kuti imakula kuchoka pa botolo kufika pa chikwangwani osaphwanyika. Ngati chithunzi chinajambulidwa ku situdiyo, gwirizanani ndi wojambulayo polemba kuti chigwiritsidwa ntchito pa malonda, ndipo wopanga chizindikiro nayenso alembe kuti wapereka umwini. Mwini nkhope aganizirenso za mawa. Sanders anagulitsa kampani yake mu 1964, ndipo nkhope yake inapitiriza kugwira ntchito m'manja mwa eni atsopano. Choncho mayi wa chiponde alemberetu ngati nkhope yawo idzapite ndi bizinesi ikadzagulitsidwa kapena ikadzasiyidwira ana, chidindo choyamba chisanapangidwe.