Ndalama ya Thandizo Ikatha Mwezi Usanathe: Kapemphedwe ka Yowonjezera

Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi, yomwe inkagulitsidwa pa K1,180, inafika pa K1,700, ndipo pasanathe masiku petulo anakwera kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Apa n'kuti kwacha itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Wamalonda anangosintha mitengo pa katundu wake, koma wophunzira wa ku yunivesite amene amalipiridwa ndi bungwe analibe poti asinthe. Ndalama yake ya mwezi inalembedwa m'kalata tsiku lomwe anasankhidwa, ndipo inakhala yomweyo pamene lendi, ufa ndi makala zinkakwera.

Wophunzira wotere akhoza kulembera bungwe lomuthandizalo kupempha kuti limuwonjezere, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Vuto ndi loti makalata ambiri otere amangodandaula. Amanena kuti zinthu zadula, moyo wavuta, chonde ndiganizireni. Akuluakulu a bungwe akudziwa kale kuti zinthu zadula, nawonso amagula pamsika womwewo. Chimene sakudziwa, ndipo n'chimene akufuna kuti avomereze pamsonkhano wawo, ndi kuchuluka kwa ndalama imene ikuperewera pa wophunzira ameneyu, ndiponso kwa miyezi ingati.

Musanalembe, werenganinso kalata imene munalandira pomwe ankakupatsani thandizolo. Mmenemo ndi momwe muli zimene bungwe linalonjeza kulipira: mwina fizi yokha, mwina fizi ndi malo ogona, mwinanso ndi chakudya ndi mabuku omwe. Pempho lanu liyenera kukhala mkati mwa zimenezo. Bungwe limene linalonjeza malo ogona likhoza kumva za lendi, koma silingakhudzidwe ndi feteleza wa makolo kumudzi, ngakhale vutolo ndi lenileni. Onaninso ngati zimene mukulandirazo ndi mphatso kapena ngongole. Ambiri mwa amene amathandizidwa ndi HESLGB, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, amalandira ngongole, choncho ndalama iliyonse yowonjezereka ndi yodzabweza akamaliza sukulu.

Tiyerekeze ndi mtsikana wa chaka chachitatu ku Zomba, amene akuchita lendi kwa Chikanda ndipo amathandizidwa ndi bungwe lomwe si la boma. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Pamene ankasankhidwa, anamuikira K60,000 pamwezi: K20,000 ya lendi, K30,000 ya chakudya ndi makala, ndi K10,000 ya sopo, bandulo ndi kusindikiza ntchito za m'kalasi. Lero mwini nyumba akufuna K30,000, chakudya chomwe chija chikudya K48,000, ndipo zina zija zafika pa K14,000. Zonse pamodzi ndi K92,000, kutanthauza kuti mwezi uliwonse pakuperewera K32,000. Kwatsala miyezi 8 ya maphunziro, ndiye dzenje lonse ndi K256,000.

Akanatha kupempha yonseyo, koma amayamba wachita mbali yake. Wapeza mnzake woti azigona naye chipinda chimodzi chokulirapo, ndipo lendi yake yatsika kufika pa K22,000. Wapulumutsa K8,000 pamwezi, yomwe ndi K64,000 pa miyezi 8 ija. M'kalata akulemba kuti: "Ndikupempha kuti mundiwonjezere K24,000 pamwezi kwa miyezi 8, yomwe ndi K192,000 yonse pamodzi." Chiganizo chimenechi chikhale m'ndime yoyamba, osati kumapeto kwa tsamba lachiwiri. Pansi pake abweretse mizere itatu ija, mtengo wakale pambali pa mtengo watsopano, kenako anene zimene wachita yekha pochepetsa. Wowerenga akaona kuti mwanayu anayamba wadzimana asanatambasule dzanja, amakhulupiriranso manambala enawo.

Umboni umavuta chifukwa pamsika salemba malisiti. Komabe lendi ili ndi umboni wosavuta: kakalata kosainidwa ndi mwini nyumba konena mtengo wakale, mtengo watsopano ndi mwezi umene anakweza. Ngati mumalipira pa foni kudzera ku Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga aja musamafufute, chifukwa amaonetsa tsiku ndi ndalama yake. Pa chakudya, lembani m'kope zonse zimene mwagula kwa milungu iwiri kapena mwezi, tomato ndi bonya yemwe. Phatikizanipo zotsatira za mayeso aposachedwa, ndi kalata ya ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pasukulu panu. Ngati magiredi atsika, musabise. Nenani kuti atsika liti, ndipo ngati n'chifukwa choti munayamba maganyu kapena mumalowa m'kalasi ndi njala, nenani zomwezo mosazungulira.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kutenga 44 peresenti ija n'kuiika pa ndalama yawo, ati popeza kwacha inagwa motero nawonso awawonjezere motero. Kugwa kwa kwacha si kukwera kwa lendi yanu. Zina zinakwera kuposa pamenepo, zina pang'ono chabe, ndipo bungwe likufuna za m'thumba mwanu. Enanso amakweza manambala dala poganiza kuti akapempha zambiri adzadulidwa n'kutsala ndi zokwanira. Bungwe lomwe likuthandiza ophunzira angapo pasukulu imodzi limayerekeza makalata awo, ndipo lendi ya K60,000 pamalo pomwe anzanu onse alemba K30,000 imagwetsa kalata yonse.

Pali malo amodzi pamene nkhani ya kwacha imagwira ntchito. Ngati ndalama za bungwelo zimachokera kunja m'madola koma inu mumalandira makwacha, madola 1,000 omwe ankasinthidwa kukhala pafupifupi K1,180,000 anayamba kubweretsa pafupifupi K1,700,000. Mwina bungwelo lili ndi mpata wowonjezera popanda kupempha kalikonse kwa omwe amalipatsa. Mukhoza kufunsa zimenezi mwaulemu, ngati funso, chifukwa simukudziwa kuti ndalamazo anazisintha liti kapena kuti fizi nayo yakwera bwanji.

Nthawi yotumizira ndi yofunikanso. Mabungwe amagawa ndalama zawo pachaka, ndipo akuluakulu ake amakumana mwa apo ndi apo, choncho funsani mlembi tsiku la msonkhano wotsatira kuti kalata ifike lisanakwane. Kalata yolembedwa mwini nyumba atatseka kale chitseko ndi loko, kapena katapila atayamba kubereka, imafika mochedwa, pakuti mabungwe ambiri safuna kubweza ngongole zimene sanazivomereze. Apatseninso njira ina ngati sangathe kukweza ndalama ya mwezi: thandizo la kamodzi kokha, kulipira lendi mwachindunji kwa mwini nyumba, kapena kukupatsani msanga gawo la teremu yamawa, ngakhale njira yomalizayi imangosunthira vutolo kutsogolo.

Ndipo ngati muli ambiri olipiridwa ndi bungwe limodzi, lembani kalata imodzi yopempha kuti aunikenso ndalama ya onse, aliyense n'kuphatikizapo kawerengedwe kakekake. Sungani kope, lembani tsiku lomwe mwapereka, ndipo pakapita milungu iwiri osamva kanthu, pitani mukafunse.