Kodi mumadziwa?

Kampani ikatseka mabuku pa 31 Disembala, zochitika mpaka tsiku limene akuluakulu avomereza malipoti a zachuma zimawerengedwabe. Lamulo la IAS 10 limafunsa chinthu chimodzi: kodi vutolo linalipo kale chaka chisanathe?

Kasitomala wokhala ndi ngongole ya K50 miliyoni akagwa mu Febuluwale, kawirikawiri amakhala kuti anali atafooka kale, choncho ngongoleyo imachepetsedwa m'mabuku a chaka chathacho.

Koma moto ukawononga nyumba yosungiramo katundu mu Januwale, manambala sasinthidwa. Chiwonongekocho chikakhala chachikulu, amangochifotokoza m'mawu owonjezera. Ndi mmene makampani ambiri anachitira ndi COVID-19 m'malipoti a 2019.