Makina oyezera bipi ooneka pachithunzi: kuwazindikira ndi kudziwa ngati ali odalirika

Makina ambiri oyezera kuthamanga kwa magazi, amene anthu amangowatchula kuti makina a bipi, amagulidwa masiku ano wogula asanawakhudze. Wogulitsa amaika chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook, kapena m'bale amene ali ku Joni amajambula makina amene wawaona m'sitolo n'kufunsa kumudzi ngati agule. Chithunzi choterechi chikhoza kuulula zambiri, koma chimene anthu amatumiza kawirikawiri ndi cha kumaso kwa makinawo, pomwe pali sikirini ndi mabatani. Kumaso n'kumene kumauza munthu zochepa kwambiri.

Kumaso kumaoneka dzina la kampani. Mayina odziwika pa zipangizozi ndi monga Omron ndi A&D a ku Japan, Beurer ya ku Germany, Rossmax ya ku Taiwan, komanso Microlife. Dzina lotere ndi chiyambi chabwino, koma silokwanira pa zifukwa ziwiri. Kampani imodzi imapanga mitundu yambiri ya makina, ndipo kuyesedwa kwa mtundu umodzi sikutsimikizira unzake. Komanso dzina n'losavuta kulidinda pa pulasitiki. Pali makina ambiri opangidwa m'fakitale imodzi, ofanana maonekedwe, amene amalonda osiyanasiyana amangomatapo mayina awo. Makina amene kumaso kwake kwangolembedwa mawu ngati "Digital Blood Pressure Monitor" popanda dzina la kampani ndi ovuta kuwatsata kumene anachokera.

Choncho wofuna kugula apemphe zithunzi zina zitatu: cha kunsi kapena kumbuyo kwa makina, cha lamba womanga pamkono atatambasulidwa, ndi cha bokosi lake. Chofunika koposa ndi cha kunsi, chifukwa kumeneko kumakhala sitika yokhala ndi nambala ya modelo, imene nthawi zambiri imatsatira mawu akuti REF kapena Model. Pambali pake pamakhala SN, nambala ya makina amenewo okha, ndiponso kachithunzi ka fakitale kotsatiridwa ndi dzina ndi adiresi ya amene anapanga. Nambala ya modelo ndiyo dzina lenileni la makina. Mwachitsanzo, Omron M3 ndi dzina la pamsika limene laperekedwa ku makina angapo osiyana m'zaka zosiyana: pali HEM-7131-E, palinso HEM-7154-E, ndipo onsewa amagulitsidwa monga M3. Zilembo za pasitika zigwirizane ndi za pabokosi. Zikasemphana, kapena sitika ikakhala yopanda adiresi, kapena mawu ake akakhala olembedwa molakwika, pali chifukwa chokayikira. Wogulitsa amene akukana kujambula kunsi kwa makina asakakamizidwe, koma ndalama zisatuluke.

Pasitika pomwepo pamapezeka zilembo za CE, ndipo zimenezi zimasocheretsa anthu ambiri. Pa makina a bipi, CE iyenera kutsatiridwa ndi manambala anayi osonyeza bungwe limene linaunika kapangidwe kake kuti agulitsidwe ku Ulaya. Nambala 0197 ndi ya TÜV Rheinland, pamene 0123 ndi ya TÜV SÜD. CE yopanda manambala pa chipangizo chotere ndi chenjezo. Komabe ngakhale manambalawo alipo, satanthauza kuti makinawo anayesedwa pa anthu ndi akatswiri oima paokha n'kupezeka kuti amalondola. Chimodzimodzi mawu a pabokosi akuti ±3 mmHg. Amenewa akunena za mmene makina amayezera mphamvu ya mpweya umene uli mu lamba, osati mmene amapezera bipi ya munthu. Makina a mabatire samva kugunda kwa magazi monga amachitira namwino ndi chomvetsera cha m'makutu. Amamva kunjenjemera kwa mpweya mu lamba, kenaka amawerengera bipi ndi masamu amene kampani inaikamo. Masamuwo akakhala opotoka, manambala a pasikirini amapotokanso, ngakhale makinawo akhale atsopano ndi okongola.

N'chifukwa chake pali njira yapadera yoyesera makinawa. Muyezo umene mabungwe akuluakulu anagwirizana mu 2018, wotchedwa ISO 81060-2, umafuna kuti makina ayesedwe pa anthu osachepera 85, amuna ndi akazi, a mikono yosiyanasiyana, ena a bipi yokwera ndi ena yotsika. Zimene makina apeza zimayerekezedwa ndi zimene apeza akatswiri awiri omvetsera ndi makutu, ndipo kusiyana kwapakati kusapitirire 5 mmHg. Makina ambiri a pamsika sanadutsepo m'mayeso otere. Kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa mu 2020 anaunika zipangizo 972 zogulitsidwa pa intaneti. Mwa makina omanga kumtunda kwa mkono, pafupifupi 18 okha pa 100 alionse ndi amene anali otsimikizidwa. Mwa omanga pomangira wotchi anali 8 pa 100, ndipo mwa mawotchi ndi zibangili zonena kuti zimayeza bipi panalibe ngakhale chimodzi.

Makina amene anapambana amalembedwa m'ndandanda imene aliyense angaione kwaulere. Wodziwika kwambiri uli pa stridebp.org, ndipo wa makina ogulitsidwa ku America uli pa validatebp.org. Munthu amafufuza dzina la kampani, n'kuyang'ana nambala ya modelo monga ilili pasitika, chilembo ndi chilembo. Mawu a pabokosi akuti "clinically validated" asalowe m'malo mwa kufufuzaku, pakuti wowalemba ndi wogulitsa yemweyo. Makina akasowa m'ndandanda sikuti ndiye kuti amanama ndithu, koma palibe umboni woti amalondola, ndipo munthu amene amamwa mankhwala a bipi tsiku ndi tsiku sayenera kudalira manambala opanda umboni. Amayi oyembekezera ndi ana ali ndi ndandanda zawozawo, chifukwa makina olondola pa munthu wamkulu wamba akhoza kuphonya pa mayi amene bipi yakwera chifukwa cha pakati. Makina a Microlife CRADLE VSA anapangidwira amayi oterewa, ndipo anagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku m'zipatala za ku Zomba, Lusaka, Ndola ndi Harare.

Chithunzi cha lamba chimayankha funso lina: kodi makinawa ndi oyenera munthu amene adzawagwiritse ntchito? Pa lamba aliyense pamalembedwa kukula kwa mkono umene amakwana, monga 22–32 cm, 32–42 cm kapena 22–42 cm. Mkono umayezedwa ndi tepi ya telala, kuzungulira pakatikati pa phewa ndi chigongono. Lamba wochepa amakweza manambala, ndipo wamkulu kwambiri amawatsitsa. Makina amatsimikizidwa pamodzi ndi lamba wa kampani yake, motero makina abwino olumikizidwa ndi lamba wa kampani ina sali m'gulu la otsimikizidwa. Izi zimachitika kwambiri ndi makina ogwiritsidwa kale ntchito, amene lamba wake woyamba anang'ambika.

Tingoyerekeza kuti mwana wa mayi wina wa ku Balaka watumiza chithunzi chosonyeza Omron M2. Chithunzi chachiwiri chaonetsa HEM-7121-E, CE 0197, SN ndi adiresi ya kampani, ndipo bokosi likunenanso chimodzimodzi. Nambalayo ikapezeka m'ndandanda, funso la mtundu wa makina latha. Koma pa lamba palembedwa 22–32 cm, pamene mkono wa mayiwo ndi masentimita 36. Makinawo akagulidwa mmene alilimo, aziwonetsa bipi yokwera kuposa yeniyeni, ndipo mayiwo akhoza kuda nkhawa kapena kuwonjezeredwa mankhwala popanda chifukwa. Chofunika ndi kugula lamba wokulirapo wa kampani yomweyo, woyenera modelo imeneyo.

Pali malire amene chithunzi sichingadumphe. Sichisonyeza ngati paipi ikutulutsa mpweya, ngati makina anagwapo pansi, kapena ngati sitika yooneka bwino yamatidwa pa makina achinyengo. Zimenezi zimadziwika makinawo akafika m'manja. Mwini wake apite nawo kuchipatala, apume atakhala pampando mphindi zisanu, kenaka ayezedwe mkono umodzi mosinthana, ndi makina a kuchipatala ndi ake, maulendo awiri kapena atatu, kusiya mphindi imodzi pakati. Ngati a kuchipatala apereka 148 ndi 144 pa nambala ya pamwamba, ake n'kupereka 150 ndi 146, kusiyana kwapakati ndi 2 ndipo makinawo ali bwino. Kusiyana kosapitirira 5 n'kovomerezeka. Kukakhala pakati pa 6 ndi 10 abwerezenso, ndipo kukapitirira 10 makinawo asadaliridwe. Kuyerekeza bipi yoyezedwa kunyumba m'mawa ndi ya kuchipatala masana sikuthandiza, poti bipi imasinthasintha, ndipo anthu ambiri imawakwera akangokhala pamaso pa dokotala. N'chifukwa chake malire a bipi yokwera ali 140/90 kuchipatala koma 135/85 kunyumba.

Pa themomita, chipangizo choyezera kutentha kwa thupi, njira yowerengera sitika ndi yomweyo, koma palibe ndandanda yotchuka ngati ya makina a bipi. Chimene chithunzi chimathandiza kwambiri ndi kusiyanitsa themomita ya anthu ndi ya m'mafakitale, makamaka pa zija zooneka ngati mfuti zolozetsa pamphumi, zimene zinachuluka nthawi ya Kovidi. Ya anthu imayeza malire ochepa, kuyambira cha pa 32 mpaka 43°C, ndipo pabokosi kapena m'kabuku kake mumapezeka muyezo wa ISO 80601-2-56 kapena ASTM E1965. Imene yalembedwa kuti imayeza kuyambira -50 mpaka madigiri mazana angapo ndi ya amakaniko ndi ophika buledi. Imeneyo ikhoza kuphonya ndi madigiri awiri, pamene kusiyana kwa munthu wabwinobwino ndi wotentha thupi ndi digiri imodzi yokha. Ngakhale ya anthu ili ndi batani losinthira pakati pa Body ndi Surface, ndipo ikasiyidwa pa Surface imaonetsa nambala yotsika. Thukuta, dzuwa ndi mphepo zimasokonezanso zimene imapeza pamphumi.

Themomita ya batire yooneka ngati cholembera, yoika m'kamwa kapena m'khwapa, ndiyo yotsika mtengo ndiponso yosavuta kuidalira pakhomo. M'khwapa imaonetsa nambala yotsikirapo ndi pafupifupi theka la digiri. Pasikirini payang'anidwenso ngati pali °C kapena °F, chifukwa zochokera ku America zimawerenga °F, ndipo 100.4°F ndiyo 38°C, pamene thupi limawerengedwa kuti latentha. Khanda losakwana miyezi itatu likafika pamenepo lipite kuchipatala msanga. Mwana aliyense wofooka, wokana kuyamwa kapena wokomoka apitenso, ngakhale themomita ikuonetsa nambala yabwino.