Piritsi loletsa dazi: zomwe finasiteraidi amachita ndi mtengo wake pathupi

Mu 1974 dokotala wina wa ku America, Julianne Imperato-McGinley, adafalitsa zomwe adapeza m'mudzi wina ku Dominican Republic. Kumeneko kunkabadwa ana ooneka ngati atsikana, koma akatha msinkhu ankasanduka anyamata. Anthuwa akakula, pulositeti yawo inkakhala yaing'ono, ndipo dazi silinkawagwira. M'matupi mwawo munkasowa enzaimu imodzi, yomwe imasandutsa homoni yachimuna ya tesitositeroni kukhala homoni ina yamphamvu kwambiri yotchedwa DHT.

Kampani ya Merck idatengera nzeru pamenepo n'kupanga mankhwala otsekereza enzaimu imeneyi. Adawatcha finasiteraidi. Mu 1992 bungwe la FDA ku America lidavomereza piritsi la mamiligalamu 5 kwa abambo otupa pulositeti, ndipo mu 1997 lidavomerezanso la miligalamu 1, lotchedwa Propecia, kuti lizithandiza pa dazi.

DHT ndiye mwini dazi. Mwa amuna amene dazi lili kumtundu kwawo, homoniyi imafinya pang'onopang'ono timizu ta tsitsi la paliwombo ndi la m'mbali mwa chipumi. Tsitsi likathothoka, lomera pamalo pake limakhala lopyapyala ndi lalifupi kuposa loyamba, mpaka kamuzu kamaleka kumeretsa. Finasiteraidi amatsitsa DHT ya m'magazi ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo timizu tomwe tikadali moyo timapezanso mphamvu. Pa kafukufuku wa zaka ziwiri, amuna 83 mwa 100 omwa piritsili sadatayenso tsitsi la paliwombo, pomwe mwa omwa piritsi lopanda mankhwala, otero adali 28 okha.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 28 yemwe wometa wamuuza kuti pakati pa mutu payamba kuwala, ndipo bambo ake ndi amalume ake onse ndi adazi. Choyamba n'kuonana ndi dokotala, chifukwa si kuthothoka kulikonse komwe kuli dazi. Chipere, matenda a chithokomiro, kapena tsitsi lochoka m'zigamba zozungulira, zonsezi finasiteraidi sazithetsa. Likapezeka kuti ndi dazi lenileni, mnyamatayo amamwa piritsi limodzi patsiku. Miyezi itatu yoyamba kawirikawiri saona kusintha kulikonse, ndipo apa m'pomwe ambiri amagwa ulesi. Chomuthandiza n'kujambula mutu wake tsiku loyamba, n'kudzajambulanso pamalo omwewo, kuwala kuli chimodzimodzi, pakatha miyezi 6 ndi 12. Chaka chikatha dazi likupitirirabe, mankhwalawo ndiye kuti sakumuyanja. Akamuyanja, ayenera kudziwa kuti akadzasiya, tsitsi lonse lomwe adapulumutsa lidzapita chaka chisanathe. Pamene padasalala kale zaka zambiri sipameranso.

Chomwe chimaopsa amuna ambiri ndi nkhani ya kuchipinda, ndipo mantha amenewa ali ndi maziko. Pa kafukufuku wa chaka chimodzi, pafupifupi amuna 4 mwa 100 adadandaula za kuchepa kwa chilakolako, kufooka kwa mphamvu kapena kuchepa kwa umuna. Mwa omwa piritsi lopanda mankhwala, odandaula motero adali 2 mwa 100. Ambiri adachira atasiya kumwa. Koma ena anena kuti vuto lidawakakamira ngakhale atasiya, ndipo mu 2012 FDA idalamula kuti izi zilembedwe pa pepala la mankhwalawa. Choopsa china ndi cha maganizo: mu 2025 bungwe la EMA ku Ulaya lidatsimikiza kuti piritsili likhoza kubweretsa maganizo ofuna kudzipha. Aliyense amene wayamba kukhumudwa mosadziwika bwino akumwa finasiteraidi asiye pomwepo n'kupita kuchipatala.

Palinso ziwiri zoyenera kuzidziwa banja lonse. Mayi woyembekezera asagwire piritsi losweka kapena lophwanyika, chifukwa mankhwalawa angasokoneze kakulidwe ka maliseche a mwana wamwamuna m'mimba. Ndipo finasiteraidi amatsitsa mlingo wa PSA, womwe madokotala amayeza pofufuza khansa ya pulositeti, ndi pafupifupi theka. Bambo amene sanauze dokotala kuti akumwa piritsili angapatsidwe zotsatira zooneka zabwino pomwe vuto lilipo.

Nanga ndani woyenera kumwa? Dazi silipweteka ndipo silifupikitsa moyo, koma kwa mnyamata amene lamuchotsa mtendere, nkhawa yake si yopepusa. Ngati dazi langoyamba kumene, maganizo ake ali bwino, ndipo angakwanitse kugula mapiritsi zaka ndi zaka, kuyesa kwa chaka chimodzi moyang'aniridwa ndi dokotala n'kwanzeru. Amene adadwalapo matenda a maganizo, amene ali kale ndi vuto kuchipinda, kapena amene akuvutika kupeza mwana, ndi bwino ayambe wafunsa za minokisidilu wopaka pamutu, yemwe sakhudza mahomoni. Ndipo mwamuna wokwatira asamwe mobisa. Akambirane ndi mkazi wake asanayambe.