Tebulo la mu PDF Likasokonekera mu Excel, Yambirani pa Kolamu ya Ndalama Zotsala

Msungichuma wa kalabu ya alimi walandira sitetimenti ya ku banki ya mwezi wonse. Yabwera ngati PDF, masamba anayi, yooneka bwino: tsiku kumanzere, kenako kufotokoza, ndalama zotuluka, ndalama zolowa, ndipo kumapeto ndalama zotsala. Msonkhano wa mamembala uli Loweruka, ndiye akufuna manambalawo alowe mu Excel kuti awonkhetse. Akopera tebulo lonse, n'kulimata. Zimene zatulukazo n'zomvetsa mutu. Makolamu asanu asanduka anayi, ndalama zimene anthu anasungitsa zakhala pamalo a zotuluka, ndipo penapake manambala awiri apanikizana m'kabokosi kamodzi.

Ambiri zikatere amaganiza kuti alakwitsa pokopera, n'kubwereza kachiwiri ndi kachitatu. Sanalakwitse. Vuto lili m'kapangidwe ka PDF yeniyeniyo.

Kampani ya Adobe inatulutsa PDF mu 1993 ndi cholinga choti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi pa pulinta iliyonse. Kuti zimenezi zitheke, fayiloyo imasunga malangizo onena malo amene chilembo chilichonse chijambulidwe. Tsamba limayezedwa m'timiyezo ting'onoting'ono, 72 pa inchi imodzi, moti pepala la A4 limakhala ndi timiyezo pafupifupi 595 m'lifupi ndi 842 m'litali. Fayilo imangonena kuti mawu awa ayambire pakuti, nambala iyi ikhale pakuti. Ma PDF ambiri sasunga paliponse kuti "ili ndi tebulo" kapena "iyi ndi kolamu yachitatu". Tebulo limene mukuliona ndi maso anu amene alipanga, poona manambala atandandalikana bwino.

Ndiye taganizirani za kabokosi kopanda kanthu. Pa mzere wa ndalama zolowa, malo a zotuluka amakhala opanda kanthu. Mu Excel kabokosi koteroko kalipo ndithu, kamangokhala kopanda cholembedwa. Mu PDF mulibe chilichonse pamalopo, ngakhale chizindikiro choti pali mpata. Pokopera, kompyuta imatola zimene yapeza n'kuzindandalika motsatana, choncho nambala ya zolowa imasendera kumanzere n'kukhala pamalo a zotuluka, ndipo ndalama zotsala nazo zimatsatira. Kusendera kwa makolamu kumayambira pamenepa.

Kuphatikizana kuli ndi chifukwa china. Manambala a ndalama amawalemba motsamira kumanja, ndiye nambala ikakula imafutukukira kumanzere. Ndalama zotsala zikadutsa miliyoni imodzi, nambalayo imayandikira kwambiri inzake ya kolamu yoyandikana nayo. Pulogalamu yotulutsa tebulo imaganizira malire a makolamu poyang'ana mipata yoyera, ndipo mpata ukachepa imaona ngati ndi chinthu chimodzi.

Musanayambe chilichonse, yesani kudetsa mawu a pa tsambalo ndi mausi ngati mukufuna kuwakopera. Ngati zilembo zikudetsedwa, fayiloyo ili ndi mawu enieni. Ngati tsamba lonse likusankhika ngati chithunzi chimodzi, ndiye kuti ndi pepala lojambulidwa pa sikana, ndipo liyenera kudutsa kaye mu pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, yotchedwa OCR. Imeneyo imatha kusokoneza 0 ndi O, kapena 1 ndi 7, ndipo ndi nkhani ya tsiku lina. Pano tikukamba za PDF yokhala ndi mawu enieni.

Kukopera ndi kumata ndiye njira yofooka kwambiri. Amene ali ndi Excel ya Microsoft 365 pa Windows angayese `Data`, kenako `Get Data`, `From File`, `From PDF`. Excel imaonetsa matebulo amene yawazindikira, ndipo mumasankha limene mukufuna. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Tabula, imene inapangidwira atolankhani ovutika ndi malipoti a boma. Ubwino wake ndi woti imagwira ntchito pa kompyuta yanu yomweyo ngakhale imatsegukira mu bulawuza. Sitetimenti ya ku banki si chinthu choti muzichitumiza ku mawebusaiti osadziwika olonjeza kusintha PDF kwaulere, chifukwa muli nambala ya akaunti ndi mayina a anthu.

Mu Tabula mumajambula bokosi kuzungulira tebulo lokhalo. Apa ambiri amafulumira n'kuphatikizamo mutu wa tsamba, dzina la banki ndi adiresi. Mawu aatali amenewo amadutsa pamwamba pa mipata ya makolamu, ndiye pulogalamu imalephera kuona pamene kolamu ina yathera. Yambani bokosi pa mzere wa mitu ya makolamu, n'kulithetsa pa mzere womaliza wa manambala. Kenako pali njira ziwiri. `Lattice` imatsata mizere yojambulidwa, ndipo ndi yoyenera tebulo limene kabokosi kalikonse kali ndi mpanda wake. `Stream` imatsata mipata yoyera, ndipo ndi ya tebulo lopanda mizere. Masitetimenti ambiri ali ndi mizere yopingasa yokha, kapena alibiretu, choncho kawirikawiri `Stream` ndiyo imathandiza. Yesani zonse ziwiri, sizitenga mphindi.

Zikakanika, pali kapulogalamu kakale kotchedwa pdftotext kamene ine ndimakadalira kwambiri. Kamatulutsa mawu okhaokha, koma kamayesetsa kusunga malo awo pogwiritsa ntchito mipata:

```
pdftotext -layout -f 1 -l 1 sitetimenti.pdf tsamba1.txt
```

Lamuloli latulutsa tsamba loyamba lokha. Mukamata mawuwo mu kolamu A ya Excel, sankhani `Text to Columns`, kenako `Fixed width`, ndipo malire mumaika nokha podina pamene mukufuna. Poti manambala amatsamira kumanja, ikani malire aliwonse pambuyo penipeni pa nambala yomaliza ya kolamu, chifukwa mbali imeneyo ndi imene sisunthasuntha. Chitani tsamba limodzi pa nthawi, popeza mipata imatha kusiyana tsamba ndi tsamba. N'zotopetsa, koma tibokosi topanda kanthu timatsala pamalo pake.

Tsopano tibwerere kwa msungichuma uja, ndipo tiyerekeze kuti alibe mapulogalamu onsewa. Ali ndi zosokonekera zija basi. Mwezi unayamba ndi K840,000. Pa 3 mamembala anasungitsa K150,000, zotsala n'kukhala K990,000. Pa 5 kalabu inalipira feteleza wa K420,000, kutsala K570,000. Pa 6 banki inadula K2,500, kutsala K567,500. Pa 10 panalowa K700,000 ya soya, zotsala n'kufika K1,267,500.

Mu sipuredishiti yake, ndalama zonse zinayi zili mu kolamu C, zolowa ndi zotuluka pamodzi, ndipo zotsala zili mu D. Akawonkhetsa C apeza K1,272,500, n'kukauza mamembala kuti zimenezi ndi zimene zinatuluka, pamene zotuluka zenizeni ndi K422,500. Mkangano wake mungauganizire.

Choyamba akonze mzere wa pa 10, pamene kabokosi kamodzi kali ndi `700,000.00 1,267,500.00` ndipo D ilibe kanthu. Ukakhala mzere umodzi, ndi bwino kungolemba pamanja. Ikakhala yambiri, aike sefa pa kolamu D kuti aone mizere yopanda kanthu, ndipo imeneyo ndiyo yophatikizana kapena yoduka.

Kenako kolamu ya zotsala imuuza zoona. Ngati zotsala zakwera poyerekeza ndi mzere wapamwamba, ndalamayo inalowa. Ngati zatsika, inatuluka. Aike K840,000 yoyambira ija mu D2, ndipo pa mzere wachitatu alembe izi mu E, F ndi G:

```
=IF(D3<D2,C3,0)
=IF(D3>D2,C3,0)
=ROUND(ABS(D3-D2)-C3,2)
```

Yoyamba ikutola zotuluka, yachiwiri zolowa. Yachitatu ndi mlonda: ikufunsa ngati kusiyana kwa zotsala kukufanana ndi ndalama ya pa mzerewo, ndipo yankho liyenera kukhala 0. Akakokera mafomulawa mpaka pansi, E ipereka K422,500 ndipo F ipereka K850,000. Kuyesa komaliza ndi kwa pamtima: 840,000 kuwonjezera 850,000 kuchotsa 422,500 ndi 1,267,500, nambala imene banki yalemba kumapeto.

Mlonda uja akaonetsa nambala ina osati 0, nambalayo imalozera vuto. Tinene kuti mzere wa K2,500 unasowa podumphira tsamba lina. Pa mzere wa soya zotsala zichoka pa 570,000 kufika 1,267,500, kusiyana kwa 697,500, pamene C ikunena 700,000. Mlonda aonetsa -2,500, ndipo msungichuma adziwa ndalama imene akufuna komanso malo oyang'anapo mu PDF. Pali chizindikiro chinanso chimene owerengera ndalama amachidziwa bwino. Ngati kumapeto mwaphonya ndi nambala yofanana ndi ndalama inayake kuwirikiza kawiri, ndiye kuti ndalamayo yakhala mbali yolakwika. K150,000 yolowa ikawerengedwa ngati yotuluka, mumaphonya ndi K300,000, chifukwa yachotsedwa pamene inayenera kuwonjezeredwa.

Nthawi zina mafomula amapereka `#VALUE!`, kapena `SUM` imapereka 0 ngakhale manambala akuoneka. Apo ndiye kuti Excel ikuwaona ngati mawu. Mudzawazindikira chifukwa amatsamira kumanzere kwa kabokosi, ndipo `=ISNUMBER(C3)` imayankha `FALSE`. Kawirikawiri pamakhala kampata kobisika, chilembo K, kapena zilembo CR ndi DR kumapeto kwa nambala. Zichotseni ndi `Find and Replace` musanawerengere chilichonse. Chenjerani ndi DR pa kolamu ya zotsala, chifukwa amatanthauza kuti akaunti ili pa ngongole, ndipo nambalayo iyenera kukhala ndi chizindikiro chochotsera.

Zinyalala zina n'zosavuta. Mitu ya makolamu imabwerezedwa pa tsamba lililonse, ndipo kufotokoza kukatalika kumagwera pa mzere wachiwiri wopanda tsiku ndi ndalama. Mizere yoteroyo imadula unyolo wa zotsala, choncho ichotsedwe mafomula asanakokedwe. Ngati mawu a pa mzere wachiwiriwo ndi ofunika, monga dzina la amene anasungitsa, asamutsireni kaye ku mzere wapamwamba.

Njira ya zotsalayi ili ndi malire ake. Mabanki ena amalemba zotsala kamodzi pa tsiku, ndiye mizere yapakati imafunika kuiona ndi maso. Ena amayambira tsiku lomaliza kubwerera m'mbuyo, ndipo pamenepo muyerekeze ndi mzere wapansi m'malo mwa wapamwamba. Matebulo opanda zotsala, monga a zotsatira za mayeso kapena a bajeti, mumawayesa ndi chiwonkhetso chimene chalembedwa pansi pa kolamu iliyonse. Ndipo ngati ntchitoyi muziigwira mwezi ndi mwezi, funsani ku banki ngati angakupatseni sitetimenti yomweyo ngati fayilo ya CSV kapena Excel. Mabanki ambiri amene ali ndi akaunti za pa intaneti amaika batani lake pafupi ndi la PDF, ndipo mu fayilo imeneyo kabokosi kopanda kanthu kamasungidwa.